Duwalo yanga ikupereka 37 pomwe pulayimalo ikupereka 31, ndaphonya pati?

Nthambi:
Moni nonse. Ndikupempha mundiunikire pa funso ili la liniya pulogalamingi. Pulayimalo yake, kutanthauza funso loyambirira, ili ndi mizere itatu, ndipo mzere uliwonse uli ndi chizindikiro chakechake.

```
max z = 3x1 + 4x2 + 2x3
(1)  x1 + x2 +  x3 <= 10
(2)       x2 + 2x3 >= 7
(3)  x1 - x2        = 2
x1 >= 0,  x2 >= 0,  x3 yomasuka
```

Kumasuka kwa x3 ndiye kuti ikhoza kukhala pamwamba pa ziro kapena pansi pake. Pulayimaloyi ndaisova ndipo ndapeza x1 = 5, x2 = 3, x3 = 2, z = 31. Ndaonanso kawiri, mizere yonse ikukwanira. Duwalo, funso linzake limene timalipanga kuchokera ku pulayimalo, ndiye ndalemba motere:

```
min w = 10y1 + 7y2 + 2y3
y1       + y3 >= 3
y1 +  y2 - y3 >= 4
y1 + 2y2      >= 2
y1, y2, y3 >= 0
```

Yankho lake likutuluka y1 = 3, y2 = 1, y3 = 0, w = 37. Ndimayembekezera 31. Kodi vuto lili pa kutembenuza manambala kapena pena?

Gologolo:
Manambala mwatembenuza bwino achemwali, mizere yasanduka mizati monga zimayenera kukhalira. Ndipo 37 ndi wamkulu kuposa 31, zomwe zikugwirizana ndi lamulo loti duwalo ya max imakhala pamwamba pa pulayimalo. Mwina ndi kampata kamene kamatsala pakati pa ziwirizi basi. Chimene ndikuona kuti mukonze ndi y3, chifukwa mzere wa = umabala valiyebulo yomasuka.

Kadzidzi:
Za y3 mwanena zoona a Gologolo, koma za kampata ayi. Mu liniya pulogalamu, pulayimalo ikakhala ndi yankho labwino koposa lomwe lili nambala yeniyeni, duwalo yake imafika pa nambala yomweyo ndendende. Mpata umapezeka mu mapulogalamu amene mavaliyebulo ake ayenera kukhala manambala athunthu, ndi ena amene sali liniya. Apa mukaona 37 ndi 31, dziwani kuti chimodzi mwa ziwirizi chalembedwa molakwika.

A Nthambi, duwalo mwalembayi payokha ilibe vuto, kungoti ndi duwalo ya funso lina. Ndi ya pulayimalo imene mizere yake yonse itatu ndi ya <= ndipo x zonse zili pa ziro kapena pamwamba. Yesani kusova funso limenelo muone: mupeza x1 = 3, x2 = 7, x3 = 0, ndipo 9 kuphatikiza 28 ndi 37. Koma mu funso lanu lenileni x1 = 3 ndi x2 = 7 sizingatheke, chifukwa mzere wachitatu ukufuna kuti x1 ipose x2 ndi 2.

Musanaloweze tebulo lililonse, taonani kumene zizindikirozi zimachokera. Funso lanu ndi la max, ndiye duwalo ikufunafuna denga la z, nambala imene z singaipitirire zivute zitani. Dengalo timalipeza pochulukitsa mzere uliwonse ndi nambala ina yake, kenako n'kuphatikiza mizere yonse, mwakuti kumanzere kutuluke chinthu chofanana ndi z kapena choiposa, pakati pakhale <=, kumanja kukhale nambala. Manambala ochulukitsirawo ndiwo y1, y2 ndi y3.

Mzere woyamba uli kale ndi <=. Kuti chizindikirocho chisatembenuke tiyenera kuuchulukitsa ndi nambala yosatsika pansi pa ziro. N'chifukwa chake y1 >= 0. Mzere wachiwiri wayang'ana kolakwika, uli ndi >=. Simungaphatikize mzere wa <= ndi wa >= n'kupeza chinthu chomveka. Njira yokhayo youtembenuzira ndi kuuchulukitsa ndi nambala ya negetivu, ndiye y2 <= 0. Mzere wachitatu ndi wa =, ndipo = sasintha kaya mwachulukitsa ndi 5 kaya ndi -5. Choncho y3 ndi yomasuka.

Tiyese ndi 4, -1 ndi -1:

```
 4 * (1):  4x1 + 4x2 + 4x3 <= 40
-1 * (2):      -  x2 - 2x3 <= -7
-1 * (3):  -x1 +  x2        = -2
pamodzi :  3x1 + 4x2 + 2x3 <= 31
```

Kumanzere kwatuluka z yeniyeni, kumanja 31. Ndiye palibe x iliyonse yololedwa imene ingapitirire 31, ndipo inu mwafika kale pa 31.

Nthambi:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, apa ndiye zayamba kuoneka. Ine ndimaganiza kuti chizindikiro cha mzere wa pulayimalo chimapita ku mzere wa duwalo, ndipo ndinali pafupi kutembenuza mzere wachiwiri wa duwalo kuti ukhale wa <= 4. Ndiye kuti sichipita kumeneko?

Kadzidzi:
Sichipita kumeneko ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwera. Mzere wachiwiri wa pulayimalo ndi mzere wachiwiri wa duwalo palibe ubale, angofanana nambala ya malo. Mzere wachiwiri wa pulayimalo mnzake ndi y2. Mzere wachiwiri wa duwalo mnzake ndi x2. Chizindikiro cha mzere chimapita kwa valiyebulo ya tsidya linalo, ndipo chizindikiro cha valiyebulo chimapita ku mzere wa tsidya linalo.

Tione mbali yachiwiriyi ndi maganizo omwe aja a denga. Tikaphatikiza mizere, patsogolo pa x1 pamakhala y1 + y3. Mu z, patsogolo pa x1 pali 3. Popeza x1 siitsika pansi pa ziro, y1 + y3 ikaposa 3 palibe chaonongeka, denga langokwera. Ndiye tilemba y1 + y3 >= 3. Za x2 ndi chimodzimodzi.

Koma x3 ndi yomasuka. Tiyerekeze kuti patsogolo pake patuluka 5 m'malo mwa 2. Ngati x3 ili 2, ndiye 5 kuchulukitsa 2 ndi 10, zoposa 4, zili bwino. Nanga ikakhala -2? Tipeza -10, pomwe mu z muli -4. Chomwe timati denga chatsikira pansi pa z. Kuchepetsanso nambalayo sikuthandiza, chifukwa pamenepo x3 ya pozetivu ndi imene itipweteke. Chotsala n'chimodzi chokha, nambalayo ifanane ndi 2 ndendende. Duwalo yoyenera ndi iyi:

```
min w = 10y1 + 7y2 + 2y3
(x1)  y1       + y3 >= 3
(x2)  y1 +  y2 - y3 >= 4
(x3)  y1 + 2y2       = 2
y1 >= 0,  y2 <= 0,  y3 yomasuka
```

Ndalemba dzina la x kumayambiriro kwa mzere uliwonse mwadala. Muzichita zomwezo papepala, ndiponso muzilemba y1, y2, y3 pambali pa mizere ya pulayimalo musanayambe china chilichonse.

Y = (3, 1, 0) imene munapeza ija yathyola malamulo awiri apa: y2 yake ndi 1 pomwe iyenera kukhala ziro kapena pansi, ndipo mzere wa x3 ukupereka 5 m'malo mwa 2. Zoti 37 inagwera pamwamba pa 31 zinangochitika mwamwayi. Ndi manambala ena ikanatha kugwera pansi.

Njiwa:
Pepani kulowerera. Kodi apa sipofunika duwalo simpulekisi? Ndikukumbukira kuti mzere wa >= ukachulukitsidwa ndi -1 kumanja kumakhala -7, ndipo kumanja kukakhala negetivu amati tigwiritse duwalo simpulekisi.

Nyenyezi:
Zimenezo ndi zina achimwene. Duwalo simpulekisi ndi njira yosovera, pomwe a Nthambi akufunsa za kalembedwe ka funso la duwalo, kusova kusanayambe. Komanso -7 kumanja sakuvutitsa chilichonse polemba duwalo, amangolowa mu w monga momwe alili. Sitebulo yoyambira simpulekisi imene tikukonza apa.

Gologolo:
Ndavomera za kampata, ndinasakaniza ndi za manambala athunthu. Komabe ine sindimakonda y2 <= 0. Njira yotetezeka ndi kusandutsa zonse kaye zikhale za <=, kenako n'kugwiritsa lamulo limodzi lodziwika lija. Mzere wachiwiri uchulukitsidwe ndi -1, wachitatu ugawidwe pawiri:

```
(1)   x1 + x2 +  x3 <= 10    u1
(2)      - x2 - 2x3 <= -7    u2
(3a)  x1 - x2       <=  2    u3
(3b) -x1 + x2       <= -2    u4
```

Apa u zonse ndi >= 0, palibe choloweza. Ndipo w = 10u1 - 7u2 + 2u3 - 2u4.

Kadzidzi:
Njira imeneyi ndi yolondola, ndipo yankho lake ndi lomwelo litavala malaya ena. U1 ndi y1. U2 ndi -y2, ndiye ituluka 1 m'malo mwa -1. Ndipo u3 ndi u4 paliponse zimaonekera limodzi ngati u3 - u4, mu w komanso m'mizere. Kusiyana kwa manambala awiri osatsika pansi pa ziro kukhoza kukhala nambala iliyonse, ndiye u3 - u4 ndiyo y3 yomasuka ija. Werengani: 40 - 7 + 0 - 2 ndi 31, potenga u3 = 0 ndi u4 = 1.

Koma sindingati ndi yotetezeka kuposa inayo. Pochulukitsa ndi -1 anthu amatembenuza manambala a kumanzere n'kuiwala 7 wa kumanja, kapena amatembenuza x2 n'kusiya 2x3. Pa (3b) ndi pamene -2 amasanduka 2 kawirikawiri, ndipo zikatero mizere iwiriyo sikunenanso kuti x1 - x2 ndi 2, ikunena kuti ili pakati pa -2 ndi 2. Chinanso, mwaiwala x3. Ngati mukufuna lamulo limodzi lija ligwire, x3 nayo iyenera kugawidwa kukhala p - q, zonse >= 0. Pamenepo mupeza mizere iwiri mu duwalo, u1 - 2u2 >= 2 ndi -u1 + 2u2 >= -2, yomwe pamodzi ikunena kuti u1 - 2u2 = 2. Funso la mizere itatu lakula kukhala mizere inayi ndi mizati inayi, malo olakwitsira achuluka.

Onaninso kuti u3 = 5 ndi u4 = 6 ikupereka yankho lomwelo. Wina akaona zimenezi amayesa kuti duwalo ili ndi mayankho ambiri, pomwe y3 ndi imodzi yomweyo, -1. Kuchulukako kwabwera ndi kugawa kwathu.

Gologolo:
X3 ndinaisiyadi. Koma pa mayeso ine ndidzagawabe. Kulemba mizere iwiri yowonjezera kuli bwino kusiyana ndi kukayikira ngati y ikhale <= 0 kapena >= 0.

Nyenyezi:
Pa x3 pomwepo pali msampha umene sunatchulidwe. A Nthambi, mukanakonza y2 ndi y3 zokha n'kusiya mzere wachitatu uli >= 2, mukanapezabe 31. Chifukwa chake n'chakuti >= 2 ndi mzere wa funso limene x3 >= 0, ndipo yankho lanu lili ndi x3 = 2, yomwe ili pamwamba pa ziro kale. Cholakwikacho chikanabisala.

Chimaonekera manambala akasintha. Sinthani 7 wa mzere wachiwiri akhale 3. Funso lenileni lipereka x1 = 19/3, x2 = 13/3, x3 = -2/3, ndipo z = 35. Duwalo yolondola ipereka 40 - 3 - 2, yomwenso ndi 35. Koma duwalo yokhala ndi >= 2 ija ipereka 34, chifukwa ndi ya funso limene x3 yaletsedwa kutsika pansi pa ziro, ndipo kumeneko yankho ndi x1 = 6, x2 = 4, x3 = 0. Ndiye z ndi w zikafanana musathamangire kunena kuti chilichonse mwalemba n'cholondola. Zikasiyana ndi umboni wa cholakwika, zikafanana muonenso zizindikiro chimodzichimodzi.

Nthambi:
Ndayesa kuona chimene chimachitika ndikalakwitsa chizindikiro chimodzi chokha. Ndikasiya y3 >= 0, zina zonse zili bwino, ndikupeza 46. Ndikasiya y2 >= 0, zina zonse zili bwino, sindikupeza yankho n'komwe. Chifukwa chiyani zolakwika ziwirizi zikutuluka mosiyana chonchi?

Kadzidzi:
Funso labwino, ndipo manambala anu ali bwino. Dzifunseni kuti duwalo yolakwikayo ndi ya pulayimalo iti.

Mukati y3 >= 0 mwasandutsa mzere wachitatu kukhala x1 - x2 <= 2. Mwamasula funso, x1 sikukakamizidwanso kutsatira x2. Ndiye x1 itsika kufika pa ziro, x2 ikwera kufika 13, x3 itsika kufika -3, ndipo 52 - 6 ndi 46. Ku duwalo ndi y = (6, -2, 0). Y imeneyi ndi yololedwa ngakhale mu duwalo yolondola, ndiye 46 ndi denga loona, kungoti ndi lotalika. Mwadziletsa nokha kufika pa denga lotsikitsitsa pokana y3 ya negetivu.

Mukati y2 >= 0 nkhani ndi ina, chifukwa simunamasule mzere, mwautembenuza, wakhala x2 + 2x3 <= 7. Mzere umenewu ndi umene unkaletsa x3 kutsika mopanda malire. Ukatembenuka, x3 itsika mmene ingafunire, n'kusiya malo mu mzere woyamba oti x1 ndi x2 zikwere. Ikani x1 = x2 + 2 ndi x3 = 8 - 2x2, mupeza z = 3x2 + 22, ndipo palibenso choimitsa x2. Pulayimalo ikakhala yopanda malire, duwalo yake imasowa yankho lololedwa. N'zimene mwaonazo.

Mukhoza kuzionanso mu duwalo momwemo. Mzere wa x3 ukupereka y1 = 2 - 2y2. Mukailowetsa m'mizere iwiri inayo mupeza kuti y3 iyenera kukhala yosachepera 1 + 2y2 komanso yosaposa -2 - y2. Ziwirizi zimatheka pokhapokha y2 ili -1 kapena pansi. Ndiye y2 ya pozetivu ilibe polowera.

Mlamba:
Ndatsatira zonse, koma langa ndi la min ndipo likundisokoneza. Ndagwiritsa lamulo la a Kadzidzi loti <= imabala y >= 0 ndipo >= imabala y <= 0, koma sizikugwirizana.

```
min z = 2x1 + 3x2
x1 + x2 >= 4
x1      <= 3
x1, x2 >= 0
```

Yankho ndi x1 = 3, x2 = 1, z = 9. Komanso sindikudziwa ngati x1 <= 3 ndi mzere weniweni kapena ndi malire chabe a valiyebulo, ngati x1 >= 0.

Nyenyezi:
Lamulo lija linali la max, bambo. Pa min zonse zimatembenuka, chifukwa simukufunanso denga, mukufuna pansi pamene z singatsike kupitirira. Mizere yophatikizidwayo iyenera kutuluka ndi >=. Ndiye mzere wa >= ndi umene uli kale bwino ndipo y yake ndi >= 0, pomwe wa <= ndi wofunika kutembenuzidwa ndipo y yake ndi <= 0.

```
max w = 4y1 + 3y2
(x1)  y1 + y2 <= 2
(x2)  y1      <= 3
y1 >= 0,  y2 <= 0
```

Yankho ndi y1 = 3, y2 = -1, ndipo 12 - 3 ndi 9.

Za x1 <= 3, ndi mzere ndithu ndipo uyenera kupatsidwa y yake. Malire amene salandira y ndi a ziro okha, x >= 0 kapena x <= 0, chifukwa ntchito yawo amaigwira posankha chizindikiro cha mzere wa duwalo. Mukautaya x1 <= 3 mutsala ndi y1 <= 2 ndi y1 <= 3, mupeza 8, lomwe ndi yankho la funso limene x1 yaloledwa kufika 4. Ngakhale mutakumana ndi x1 >= 1, ameneyo ndi mzere, osati chizindikiro cha valiyebulo.

Kadzidzi:
Kwa amene akufuna choloweza, ichi n'chachifupi. Funsani ngati chizindikiro chili cha masiku onse, chotembenuka, kapena chapadera. Pa max mzere wa masiku onse ndi <=, pa min ndi >=. Valiyebulo ya masiku onse ndi >= 0 konsekonse. Cha masiku onse chimabala cha masiku onse, chotembenuka chimabala chotembenuka, ndipo = amayenda ndi yomasuka.

```
mbali ya max        mbali ya min
mzere <=            valiyebulo >= 0
mzere >=            valiyebulo <= 0
mzere =             valiyebulo yomasuka
valiyebulo >= 0     mzere >=
valiyebulo <= 0     mzere <=
valiyebulo yomasuka mzere =
```

Pulayimalo ikakhala ya max muwerenga kuchokera kumanzere, ikakhala ya min muchokera kumanja. Tebulo ndi limodzi chifukwa duwalo ya duwalo ndi pulayimalo yomwe ija. Imeneyi ndi njira yabwino yodzionera nokha: tengani duwalo mwalembayo, lembani duwalo yake, muone ngati mwabwerera kumene munachokera. A Nthambi akanatero ndi duwalo yawo yoyamba akanaona <= atatu ndi kudziwa pomwepo.

Mlamba:
Zamveka. Koma y2 = -1 ikutanthauza chiyani? Ndinamva kuti y ndi phindu la kuwonjezera nambala ya kumanja. Phindu la negetivu likumveka zachilendo.

Kadzidzi:
Osaitcha phindu, itcheni kusintha kwa z pamene nambala ya kumanja yakwera ndi 1. Mu funso lanu, x1 <= 3 ikakhala x1 <= 3.5, x1 yotchipayo itenga malo a x2 ndipo z itsika kuchoka 9 kufika 8.5. Mwakweza ndi theka, z yatsika ndi theka, ndiye -1. Pa min kutsika n'kwabwino.

Mu funso la a Nthambi, kukweza 7 kukhala 8 mu mzere wa >= ndi kuumitsa lamulo. Malo ololedwa achepa, ndiye max singakwere, ikhoza kungotsika kapena kukhala pomwepo. Sovani muone: x1 = 14/3, x2 = 8/3, x3 = 8/3, z = 30. Yatsika ndi 1. Iyi ndi njira yachitatu yodziwira chizindikiro popanda tebulo. Pa mzere wa =, kukweza nambala sikumasula ndipo sikuumitsa, kumangosuntha, n'chifukwa chake simungadziwiretu kumene z ilowere. Ndipo mukaulemba mzere wachitatu chozondoka, x2 - x1 = -2, y3 ituluka 1 m'malo mwa -1, funso lili lomwelo.

Koma -1 ameneyu ali ndi polekezera. Mukamakweza 7 uja, x2 imatsika, ndipo imafika pa ziro nambalayo ikafika 16, pomwe z ndi 22. Pa 17 pulayimalo ilibenso yankho lololedwa, ndipo duwalo imatsika mopanda malire. Tengani y1 = 2 - 2y2 ndi y3 = 1 + 2y2, mupeza w = 22 + y2, ndipo y2 ikhoza kutsika mpaka kalekale.

Njiwa:
Ndalowetsa funso la a Nthambi mu SciPy, pulogalamu ya pakompyuta yosovera masamu, kuti ndione, koma zizindikiro zikutuluka zosiyana ndi zanu.

```
from scipy.optimize import linprog
r = linprog([-3, -4, -2],
    A_ub=[[1, 1, 1], [0, -1, -2]], b_ub=[10, -7],
    A_eq=[[1, -1, 0]], b_eq=[2],
    bounds=[(0, None), (0, None), (None, None)])
```

`r.ineqlin.marginals` ikupereka -4 ndi -1, `r.eqlin.marginals` ikupereka 1. Inu mwati 4, -1, -1. Yachiwiri yokha ndi imene yagwirizana. Wolondola ndani?

Nyenyezi:
Nonse. `linprog` imasova min yokha, ndiye munachulukitsa z ndi -1, ndipo `r.fun` yatuluka -31. Kutembenuza kumeneko kwatembenuza y zonse: 4 wakhala -4, ndipo -1 wa mzere wa = wakhala 1. Mzere wachiwiri watembenuzidwa kawiri, koyamba chifukwa cha z, kachiwiri chifukwa munauchulukitsa ndi -1 kuti ulowe mu `A_ub`. Kutembenuza kawiri kwaubwezera pa -1. Kugwirizana kwakeko kusakupusitseni kuti enawo ndi olakwika.

Njira yoonera ndi kuchulukitsa manambalawo ndi za kumanja zimene munapatsa pulogalamuyo, osati za papepala: -4 kuchulukitsa 10 ndi -40, -1 kuchulukitsa -7 ndi 7, 1 kuchulukitsa 2 ndi 2, pamodzi -31. Mapulogalamu osovera sagwirizana onse pa zizindikiro, ndiye mukakayikira sunthani nambala ya kumanja pang'ono, sovaninso, muone kumene z yalowera.

Mwachita bwino kulemba `(None, None)` pa x3. Mukasiya `bounds`, `linprog` imatenga mavaliyebulo onse kukhala >= 0, ndipo ndi msampha uja wa 35 ndi 34.

Nthambi:
Funso lomaliza kwa ine. Pa mayeso, ndikakhala ndi yankho la pulayimalo, ndingapeze y popanda kusova duwalo yonse?

Kadzidzi:
Mungathe. X ikakhala yosiyana ndi ziro pa yankho, mzere wake mu duwalo umakhala wothina, kutanthauza kuti mbali ziwiri zafanana. Mzere wa pulayimalo ukakhala ndi malo otsala, y yake ndi ziro. Kwa inu x1 = 5 ndi x2 = 3, ndiye mizere yawo ikhala ya =, ndipo wa x3 ndi wa = kale. Muli ndi y1 + y3 = 3, y1 + y2 - y3 = 4, ndi y1 + 2y2 = 2. Phatikizani iwiri yoyambayo mupeze 2y1 + y2 = 7. Pamodzi ndi wachitatu zikupereka y1 = 4, y2 = -1, kenako y3 = -1.

Osaimira pamenepo. Onani ngati y1 >= 0 ndi y2 <= 0. Y2 ikanatuluka pozetivu ukanakhala umboni wakuti x imene munayambira nayo sinali yankho labwino koposa. Apa ndi pamene chizindikiro cholakwika chimapweteka kwambiri, chifukwa amene walemba y2 >= 0 ataya yankho lolondola poona -1.

Gologolo:
Nanga ngati mizere yothina ichuluka kuposa ma x? Mwachitsanzo tiwonjezere x1 <= 5 pa funso lomweli. Yankho silisintha, likadali (5, 3, 2), koma tsopano pali y zinayi ndi mizere itatu yokha yozipezera. Ine ndikuganiza kuti y4 ingokhala ziro popeza mzerewo sunasinthe kanthu.

Kadzidzi:
Y4 = 0 ndi yankho limodzi, koma silokhalo. Mzere wa x1 tsopano ndi y1 + y3 + y4 = 3. Yesani y = (2, 0, -2, 3): mzere wa x1 ukupereka 3, wa x2 ukupereka 4, wa x3 ukupereka 2, ndipo w ndi 20 + 0 - 4 + 15, yomwe ndi 31. Zizindikiro zonse zili bwino. Ndiye y2 ikhoza kukhala paliponse kuyambira -1 mpaka 0, ndipo uku ndi kuchuluka kwenikweni kwa mayankho, kosiyana ndi kwa u3 ndi u4 kuja.

Tanthauzo la y limagawikanso pawiri. Mukakweza 7 kukhala 8, z itsikabe kufika 30. Mukatsitsa kukhala 6, popanda mzere watsopanowu z ikanakwera kufika 32, koma tsopano x1 <= 5 yatsekereza ndipo z ikhala pa 31. Pokwera ndi -1, potsika ndi 0.

Mlamba:
Ndiye pulogalamu yosovera ipereka iti pa ziwirizi, (4, -1, -1, 0) kapena (2, 0, -2, 3)?

Nyenyezi:
Zimatengera njira imene yayenda pofika pa yankho, ndipo kungosintha ndondomeko ya mizere kukhoza kusintha imene yatuluka. Imapereka imodzi popanda kukuchenjezani kuti pali ina. Chokuchenjezani ndi kuwerenga nokha mizere yothina: inayi pa ma x atatu.

Gologolo:
Ndiye polemba lipoti munthu anene kuti y2 ndi chiyani? Ine ndingalembe -1 chifukwa ndi imene inalipo mzere wachinayi usanabwere.

Nyenyezi:
Ine ndingalembe zonse ziwiri ndi kunena kuti ina ndi ya pokwera, ina ya potsika. Wowerenga akaona -1 yekha aganiza kuti kutsitsa 7 kumupatsa 32.

Gologolo:
Pa mzere umodzi n'zotheka. Koma funso likakhala ndi mizere 200, ndipo yothina mopitirira ilipo 30, musova kangati kuti mupeze mbali zonse ziwiri za mzere uliwonse?